Imelo yoperekeza kotesheni: momwe mungafikitsire wowerenga pa tsamba lofunika

Mudzi wa Chembe, womwe alendo amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear, uli pa chigawo cha Nankumba m'boma la Mangochi, mkati mwa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park omwe anakhazikitsidwa mu 1980. Anthu ambiri kuno amadalira usodzi ndi alendo. Mabungwe, makampani ndi masukulu akafuna kudzachitira msonkhano kapena kudzacheza kunyanja, amayamba apempha kotesheni kwa eni maloji, eni maboti ndi ophika. Kotesheniyo imapita pa imelo, ndipo mawu ochepa olembedwa pamwamba pake ndi amene amachititsa kuti iwerengedwe bwino kapena ingodutsidwa. Nawa mafunso omwe anthu a ntchitozi amafunsa kawirikawiri.

Poti zonse zili m'kotesheni, imelo ndiyolemberanji?

Kotesheni ndi chikalata chonena zomwe mudzapereke, kuchuluka kwake, mtengo wake ndi malamulo a malipiro. Ya ntchito yaikulu, monga msonkhano wa masiku angapo, imafika masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa mumakhala zipinda, zakudya, ulendo wa pa boti, malamulo osinthira tsiku ndi makalata a bizinesi. Munthu wolandira sangadziwe kuti ayambire pati pokhapokha mutamuuza. Ntchito ya imelo ndi imeneyo: kunena chomwe mwatumiza, kuloza tsamba lomwe lili ndi yankho, ndi kutchula chomwe wowerenga ayenera kuchita komanso tsiku lomaliza. Asodzi a usipa amadziwa kuti siginala wa nyali m'bwato lake sakola nsomba, koma ndiye amazikokera pomwe pali chilimira. Imelo nayo sigulitsa yokha, koma popanda iyo wowerenga amayendayenda m'masamba mpaka kutopa asanafike pa mtengo. Kutumiza kotesheni popanda mawu, kapena kungolemba kuti "onani zomwe zili m'munsimu", n'kumusiyira kasitomala ntchito yomwe inali yanu.

Kodi imeloyo amawerenga ndani, ndipo amafuna chiyani?

Ambiri amaganiza kuti akulembera munthu yemwe anacheza naye pa foni. Nthawi zambiri munthu ameneyo amangoyamba nkhani. M'mabungwe ndi m'maofesi a boma, imelo yanu imatumizidwanso kwa woyang'anira zogula, kwa wowerengera ndalama, kenako kwa bwana wosayina. Anthu amenewa sanamve zomwe munakambirana, mwinanso sanafikeko ku Chembe. Mabungwe ambiri ali ndi lamulo lofuna makotesheni atatu asanagule, choncho yanu imayikidwa pambali pa zina ziwiri, mwina ya loji ya ku Monkey Bay ndi ya ku Senga Bay. Wofananitsayo amadzaza mzere umodzi wokha pa kotesheni iliyonse: dzina la bizinesi, mtengo wonse, ngati msonkho uli momwemo, ndi tsiku lomwe mtengowo uthere. Lembani imelo yoti munthu wachitatu, yemwe sakukudziwani ndipo akuwerengera pa foni ali pakati pa ntchito zina, adzaze mzere umenewo osayimbira aliyense.

Tsamba lofunikalo ndi liti, ndipo ndilidziwa bwanji?

Ndi tsamba lomwe munthu angalisindikize lokha n'kupita nalo kwa bwana kuti avomereze. Liyenera kukhala ndi ntchito yonse mwachidule, mtengo wa gawo lililonse, misonkho, chiwerengero chomaliza, tsiku lothera, malo osayina ndi chidindo. Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka, ndi mitengo yongoyerekeza. Bungwe la ku Lilongwe likufuna kubweretsa anthu 18 ku loji ina ya ku Chembe, kugona masiku atatu kuyambira pa 14 mpaka pa 17 Ogasiti. Kotesheni ili ndi masamba 6. Tsamba 1 ndi kalata ya bizinesi. Tsamba 2 ndi chidule: kugona ndi kadzutsa K5,130,000, zakudya zina K2,160,000, chipinda cha msonkhano kwa masiku awiri K300,000, maboti awiri opita ku chilumba cha Thumbi K240,000. Zonsezi zikukwana K7,830,000 misonkho isanawonjezedwe. Tsamba 3 ndi 4 akufotokoza zipinda ndi zakudya, tsamba 5 ndi malamulo a malipiro, tsamba 6 ndi makalata a msonkho. Apa tsamba lofunika ndi 2. Ngati kotesheni yanu ilibe tsamba lotere, ndipo mitengo yamwazikana m'masamba onse, musayambe mwalemba imelo. Konzani kaye tsamba la chidule, chifukwa simungaloze chinthu chomwe palibe.

Pa mutu wa imelo ndilembepo chiyani?

Bokosi lolembedwa Subject ndi lomwe munthu amaona asanatsegule, komanso ndi lomwe adzagwiritse ntchito pofufuza imelo yanu pakapita milungu iwiri. Mitu monga "Moni" kapena "Kotesheni" siithandiza, chifukwa woyang'anira zogula amalandira yotero yambirimbiri. Ikani zinthu zitatu: nambala ya kotesheni, ntchito yake ndi masiku. Pa chitsanzo chathu mutu ungakhale wakuti "Kotesheni 047: msonkhano wa anthu 18 ku Chembe, 14 mpaka 17 Ogasiti". Mawu ofunika akhale koyambirira, popeza foni imadula mutu wautali. Ngati bungwelo linakupatsani nambala ya pempho lawo, ilembeni ndendende momwe anailembera. Ngati anakulemberani pa imelo popempha, yankhani pa imelo yomweyo podina Reply m'malo moyamba ina yatsopano, kuti pempho ndi yankho zikhale pamodzi. Onaninso ngati panali ena omwe anayikidwa pa Cc. Ngati alipo, Reply all ndi yomwe imawafikira onse.

Nanga imelo yonse iziwoneka bwanji?

Nayi ya chitsanzo chathu, mayina tawasiya:

"Okondedwa Mayi,

Zikomo potiganizira pa msonkhano wanu. Pamodzi ndi imeloyi ndatumiza kotesheni nambala 047, ya masamba 6, ya anthu 18 kuyambira pa 14 mpaka pa 17 Ogasiti.

Chonde yambani ndi tsamba 2. Pamenepo pali mtengo wonse, K9,200,250, misonkho ili momwemo, komanso malo osayina.

Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe musanavomereze. Ndalama zolowera m'paki sizili m'mtengowu, ndipo ulendo wa ku Thumbi ungasinthe nthawi ngati kuli mwera. Zonsezi zafotokozedwa pa tsamba 5.

Mtengowu ugwira ntchito mpaka pa 20 Julayi. Mukavomereza, sayinani tsamba 2 n'kulitumiza pa imelo yomwe ino, ndipo tikusungirani zipinda tikalandira theka la ndalamazo.

Ngati pali funso, ndiyimbireni pa nambala ili m'munsiyi.

Ine wanu, woyang'anira loji."

Taonani kayendedwe kake. Ndime yoyamba ikunena chomwe chatumizidwa ndi kuchuluka kwa masamba, kuti wolandira adziwe ngati lina lasowa. Yachiwiri ili payokha dala, kuti diso ligwere pa tsamba ndi pa mtengo. Yachitatu ikuchenjeza, yachinayi ikunena chochita ndi tsiku. Makotesheni ambiri m'dziko muno amalembedwa m'Chingerezi, ndipo imelo itsate chilankhulo chomwe kasitomala analembera, koma dongosolo lake ndi lomweli.

Kodi kulemba mtengo mu imelo sikuthawitsa kasitomala?

Ili ndi ganizo lofala: kuti mtengo ubisidwe mpaka munthu atawerenga za kukongola kwa zipinda ndi kukoma kwa chambo. Pa msika mwina zimathandiza, koma munthu wopempha kotesheni wapempha mtengo, ndipo adzaufufuza asanawerenge china chilichonse. Mukaubisa, amatsegula chikalata n'kuthamanga m'masamba, ndipo nambala yaikulu yoyamba kuiona ndi yomwe amaitenga. Pa chitsanzo chathu angatenge K7,830,000, osaona kuti misonkho ili m'munsi, n'kupempha ndalama zoperewera kwa bwana wake. Invoyisi ikadzafika, mkangano umayamba. Lembani mtengo umodzi wokha, womaliza, ndipo ufanane ndi wa pa tsamba 2 mpaka kwacha yomaliza. Musaufupikitse polemba kuti "pafupifupi K9 miliyoni". Musakoperenso mitengo ya magawo onse mu imelo, chifukwa nambala ikakhala malo awiri, tsiku lina mudzasintha pamodzi n'kuyiwala pena. Ngati mwapereka njira ziwiri, monga kugona awiriawiri kapena aliyense chipinda chake, tchulani mitengo iwiriyo ndi tsamba la uliwonse. Pokhapokha ngati pempho lanena kuti mitengo itumizidwe mobisika, monga zimakhalira pa ma tenda, m'pamene simuyenera kuulemba mu imelo.

Za misonkho ndizinene bwanji?

Mawu ochepa okha, "misonkho ili momwemo" kapena "misonkho isanawonjezedwe", amapulumutsa ndalama zambiri. Kwa zaka zambiri msonkho wa VAT m'dziko muno unali pa 16.5 peresenti, ndipo ndi mlingo umenewo tawerengera chitsanzo chathu: pa K7,830,000 ukubwera K1,291,950. Tawonjezanso msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti, womwe ndi K78,300, n'kufika pa K9,200,250. Milingo ya misonkho imasintha ndi bajeti ya boma, choncho pa kotesheni yeniyeni gwiritsani womwe bungwe la MRA likugwiritsa ntchito tsiku limenelo. Kusiyana kwa ndalama zoposa K1.3 miliyoni kungakugwetseni pa mpikisano ngati mnzanu walemba mtengo wopanda msonkho ndipo wofananitsa sanazindikire. N'chifukwa chake mawuwa ayenera kukhala pa mzere womwewo wa mtengo. Dziwaninso kuti VAT amalipiritsa ndi okhawo omwe analembetsa VAT ku MRA. Mwini boti kapena wophika yemwe sanalembetse asawonjezere msonkhowu, ndipo anene poyera kuti mtengo wake ulibe VAT chifukwa sanalembetse. Mabungwe ambiri amafunanso nambala yanu ya TPIN, ndipo polipira amadulako msonkho wopita ku MRA ngati mulibe chikalata chokuchotsani pa kudulidwako. Ngati muli nacho, tchulani tsamba lomwe chili.

Bwanji ndinene zinthu zomwe sizili m'mtengo? Sikudziwonongera malonda kumeneko?

Zomwe kasitomala adzazindikire atafika zimawononga malonda kuposa zomwe mwamuuza asananyamuke. Ku Chembe zilipo zingapo zomwe wochokera kutali sangaziganizire. Ndalama zolowera m'paki zimapita ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, osati kwa mwini boti, ndipo mitengo yake imasiyana pakati pa Amalawi ndi alendo akunja. Mphepo ya mwera imawomba kwambiri m'miyezi yozizira, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti, ndipo tsiku lina boti silingapite ku Thumbi, ku Domwe kapena ku Mumbo pa nthawi yomwe munapangana. Mayendedwe ochokera ku Monkey Bay nawonso ena amaganiza kuti ali momwemo. Sankhani ziwiri kapena zitatu zomwe zingasinthe ndalama kapena ndondomeko ya kasitomalayu, muzitchule m'chiganizo chimodzi chilichonse, n'kuloza tsamba lomwe zafotokozedwa. Malamulo ena onse akhale m'kotesheni. Mukawakopera onse mu imelo, tsamba 2 lija likwiririka.

Tsiku lothera mtengo n'lofunikadi? Kasitomala sangaone ngati ndikumukakamiza?

Popanda tsiku, munthu angabwere pakapita miyezi itatu atanyamula kotesheni yanu n'kufuna mtengo womwewo. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mitengo ya mafuta, yomwe imalengezedwa ndi bungwe la MERA, ikakwera, ulendo wa boti la injini umakwera tsiku lomwelo. Yemwe anapereka mtengo wopanda malire m'nyengo zotere anayenera kusankha pakati pa kuluza ndalama ndi kuphwanya mawu ake. Lembani tsiku lenileni, "mpaka pa 20 Julayi", osati "kwa masiku 14", chifukwa wowerenga sadziwa ngati kuwerenga kukuyambira tsiku lomwe munalemba kapena lomwe iye analandira. Mwezi ulembedwe m'mawu, popeza 07/08 ena amawerenga 7 Ogasiti pomwe ena 8 Julayi. Ofesi ya zogula siikhumudwa ndi tsiku. Imalifuna, ndipo ngati pempho lawo lanena kuti mtengo ukhale kwa masiku 30 kapena 60, tsatirani zimenezo.

Kufupikitsa chonchi sikusowa ulemu?

Kwathu kuno munthu sayamba nkhani asanapereke moni, ndipo imelo nayo isayambe ndi nambala. Koma mzere umodzi wa moni ndi kuthokoza ndi wokwanira. Ndime zitatu zofunsa za kunyumba ndi kufotokoza mbiri ya loji zimakankhira mtengo pansi, pomwe wowerengera pa foni sapaona asanatsetsereze chala kangapo. Ulemu weniweni uli m'zinthu zina: kulemba dzina la munthu ndi la bungwe lake molondola, kumutchula kuti Bambo kapena Mayi, kugwiritsa ntchito "inu", ndi kusamutayitsa nthawi. Samalani makamaka mukamakopera imelo yakale, chifukwa dzina la kasitomala wina kapena masiku a ulendo wina zimatsalira mosavuta, ndipo wolandira akaziona amayamba kukayikira manambala onse. Pewaninso mawu opempha chifundo, monga akuti bizinesi ikuvuta. Amapereka chithunzi choti mtengo wanu ungatsike mukapanikizidwa.

Chikalatacho ndichitumize motani kuti "tsamba 2" likhaledi tsamba 2?

Tumizani ngati PDF imodzi. Chikalata cha Word kapena Excel chimasuntha mizere malinga ndi foni kapena kompyuta yomwe chatsegulidwira, kotero tsamba 2 lanu lingakhale tsamba 3 kwa mnzanu, ndiponso aliyense angasinthe manambala. Ngati kotesheni yanu ndi yolemba pamanja m'buku la makaboni, musatumize zithunzi zisanu ndi chimodzi zomwazikana, poti zimafika mosatsata dongosolo. Jambulani pamalo owala ndi pulogalamu yosanja masamba kukhala PDF, chidindo ndi siginecha zioneke. Tsamba lililonse likhale ndi nambala yolembedwa, monga "2 mwa 6", ndipo ifanane ndi yomwe foni ikuwonetsa. Chikuto chopanda nambala ndi chomwe chimasokoneza kawirikawiri. Kuti mukhale otsimikiza, tchulaninso mutu wa tsambalo. Dzina la fayilo likhale lomveka, monga `Kotesheni-047-Chembe.pdf`, osati `scan0003.pdf`. Gmail salola fayilo yoposa 25 MB, ndipo maofesi ena amakana zochepera pamenepo, choncho zithunzi za zipinda ndi nyanja zipite pa imelo ina. Netiweki ikavuta, imelo yolemera imakakamira mu Outbox inu mukuganiza kuti yapita. Onani mu Sent, tsegulani fayilo yomwe yapitayo, ndipo mutsimikize kuti ndi yoyenera.

Poti tinayamba kukambirana pa WhatsApp, bwanji osangotumiza pomwepo?

Kwa banja lofuna ulendo wa tsiku limodzi ku Otter Point, WhatsApp ndi yokwanira. Kwa bungwe, kotesheni imayenera kulowa m'mafayilo omwe ofufuza za ndalama adzaona, ndipo uthenga wa pa foni ya munthu mmodzi umasowa iye akasiya ntchito kapena foni ikatayika. Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito zonse ziwiri, chilichonse pa ntchito yake. Kotesheni ipite pa imelo, kenako mutumize uthenga waufupi pa WhatsApp wonena kuti mwatumiza, mutu wake ndi wakuti, ndipo ngati sakuiona ayang'ane mu Spam. Musayambe kukambirana mitengo yatsopano pa WhatsApp n'kuyisiya pomwepo. Chilichonse chomwe mwagwirizana chibwerere pa imelo.

Kasitomala akasintha chiwerengero cha anthu, nditani?

Tinene kuti anthu atsika kuchoka pa 18 kufika pa 15. Kungoyankha mu imelo kuti "ndiye muchotsepo mwakuti" n'kulakwitsa, chifukwa tsamba losayina likhala ndi mtengo wakale pomwe imelo ili ndi watsopano. Konzani kotesheni yonse, muipatse nambala yosonyeza kusintha, monga 047-B, ndi tsiku latsopano. Pa chitsanzo chathu kugona kutsika kufika pa K4,275,000 ndipo zakudya pa K1,800,000, koma chipinda cha msonkhano ndi maboti awiri sizisintha. Kasitomala amayembekezera kuti zonse zitsika mofanana, choncho imelo inene zimenezi poyera: kuti kotesheni 047-B ikulowa m'malo mwa 047, kuti mizere iwiri yoyamba pa tsamba 2 ndi yomwe yasintha, ndipo ina iwiri yatsala momwe inalili chifukwa sidalira chiwerengero cha anthu. Mtengo watsopano womaliza ulembedwe pamalo omwewo pomwe panali wakale.

Nambala ya akaunti ndiyike mu imelo kapena m'kotesheni?

Ikhale m'kotesheni, pa tsamba la malipiro, pansi pa dzina la bizinesi ndi chidindo. Pali chinyengo chodziwika padziko lonse chomwe akuba amalowa mu imelo ya bizinesi, n'kudikira nthawi ya malipiro, kenako n'kulembera kasitomala m'dzina lanu kuti akaunti yasintha. Dipoziti imapita kwa iwo, inu mukudikira. Chitetezo chake n'chiganizo chimodzi mu imelo yoperekeza: kuti malipiro apite ku akaunti ya pa tsamba 5 yokha, ndipo akalandira uthenga wonena za kusintha ayambe akuyimbirani pa nambala yomwe akuidziwa kale. Ngati mumalandira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, lembani dzina lomwe lidzaoneke pa foni ya wolipira. Mabungwe ambiri salipira ku akaunti ya munthu payekha, choncho dzina la akaunti lifanane ndi la pamutu pa kotesheni.

Ndidziwa bwanji kuti imelo yanga yagwira ntchito, ndipo yankho loti "chabwino" ndi kuvomera?

Mafunso omwe akubwera ndiwo amakuuzani. Munthu akayimba kufunsa kuti zonse pamodzi ndi zingati, kapena ngati VAT ili momwemo, ndiye kuti imelo sinamufikitse pa tsamba lija. Akafunsa ngati angalipire dipoziti m'magawo awiri, wawerenga ndipo akuganizira zovomera. Musanatumize, patsani mnzanu foni awerenge kwa theka la mphindi, kenako mumufunse mtengo, tsamba ndi tsiku lomaliza. Akalephera chimodzi, konzani. Pakakhala chete, kumbutsani pakapita masiku atatu kapena anayi a ntchito, pa imelo yomweyo, mobwereza tsamba ndi tsiku lothera. Za "chabwino", dziwani kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mauthenga a pa makina ngati umboni, koma mawu amodzi otere sasonyeza bwino ngati munthu wavomera mtengo kapena wangolandira uthenga. Kawirikawiri woyankhayo si amene ali ndi mphamvu zovomereza ndalama. N'chifukwa chake imelo yoperekeza iyenera kunena yokha chomwe chiwerengedwe ngati kuvomera: tsamba losayinidwa, chikalata cha oda chochokera ku ofesi yawo, kapena dipoziti. Chimodzi mwa izi chisanafike, musakanize alendo ena zipinda ndipo musagule mafuta a boti.